Mafunso ndi mayankho: Achibale akuti sakundipeza pa Facebook, chavuta n'chiyani?

Awa ndi mafunso omwe amabwera pafupipafupi kuchokera kwa anthu akwathu kuno ku Harare, a ku Mbare, Mufakose, Mabvuku, Tafara, Dzivarasekwa, Epworth ndi kwina konse, makamaka wachibale wa ku Malawi akaimba foni kuti takusakani pa Facebook koma simukutuluka. Ndakamba kwambiri za Facebook poti ndi komwe nkhaniyi imavuta, za WhatsApp ndi Instagram ndangokhudzako pang'ono. Mayina a mabatani ndawalemba momwe amaonekera pa foni, koma dziwani kuti eni ake amakonda kuwasunthasuntha komanso Facebook Lite ndi apu yaikulu ija sizifanana ndendende, ndiye mukapanda kupeza pomwe ndanena ingolembani mawuwo m'kabokosi kosakira ka mu Settings, atuluka.

Kodi pali batani lomwe ndinadina mosadziwa n'kubisa dzina langa?

Ayi, pa Facebook batani limenelo kulibe. Linalipo kale, linkafunsa kuti ndani angakusakeni ndi dzina, koma analichotsa mu 2013 ndipo silinabwerenso. Ndiye munthu aliyense amene ali ndi akaunti, bola ngati simunabulokane naye, angathe kukupezani akalemba dzina lanu. Pali zinthu zomwe Facebook imaziona ngati za poyera nthawi zonse kaya mutseke bwanji, zomwe ndi dzina, chithunzi cha pa pulofayilo, chithunzi chachikulu cha pamwamba chija, ndi username yanu ngati munaikapo.

Anthu ambiri amaganiza kuti zobisa zonse zili pa batani limodzi, ukalidina basi wasowa paliponse. Sizili choncho. Pali njira zingapo zomwe munthu angakufikireni, dzina ndi njira ina, nambala ya foni ndi ina, Google ndi ina, linki ndi inanso, ndipo batani lililonse la mu Settings limatseka njira yakeyake osakhudza zinazo. Mukaika mapositi anu pa Friends mwabisa mapositi, simunabise dzina. Mukazimitsa za Google mwachoka pa Google, mkati mwa Facebook mukadalipo. Choncho wina akati sakukupezani, funso loyamba lomufunsa ndi loti wasaka pati ndipo walemba chiyani, musanayambe kusokoneza Settings yanu yonse.

Nanga ngati sindinabisike, bwanji mlongo wanga wa ku Zomba sakundiona?

Nthawi zambiri mumakhala mulipo ndithu koma mwakwiririka pansi pa anthu ena a dzina lomwelo. Tangoganizani mutaima pakati pa Mbare Musika n'kukuwa kuti a Phiri, angacheuke anthu angati? A Banda, a Phiri, a Mwale, a Mbewe, a Tembo adzaza ku Malawi, ku Zambia, ku Mozambiki, ku Joni ndi kuno komwe, ndipo Facebook singaonetse onse pa sikirini imodzi. Imasankha oyamba poona yemwe ali pafupi ndi wosakayo, monga amene ali ndi anzawo ofanana naye, a dera lomwelo, kapena omwe ali nawo m'magulu amodzi. N'chifukwa chake anthu awiri akalemba dzina limodzimodzi saona mndandanda wofanana. Mnzanu wa ku Highfield amene muli naye anzanu 40 ofanana akuonani pamwamba penipeni, pomwe mlongo wanu wa ku Zomba amene mulibe naye mnzanu ngakhale mmodzi aona a Phiri a ku Zomba ndi a ku Blantyre kaye, inu mwina muli kutali pansi komwe iye safika n'komwe poti bandulo ikutha.

China ndi kalembedwe ka dzina, ndipo ife obadwira kuno timakumana nazo kwambiri. Makolo athu atabwera kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'mafakitale, mayina ambiri analembedwa m'makalata momwe kalaliki anamvera, pena l inasanduka r, pena h inagwa, pena dzina loyamba la agogo ndi lomwe linakhala dzina la banja lonse. Ndiye kumudzi amakudziwani ndi mfunda, pa chitupa pali dzina lina, pa Facebook munalemba dzina lomwe anzanu a ku sukulu ankakuitanani nalo. Wakumudzi akulemba dzina lomwe amalidziwa, lomwe pa Facebook palibe. Apa palibe chobisika chilichonse, akungosaka munthu wina basi.

Ndingadziwe bwanji kuti vuto ndi dzina kapena ndi china chachikulu?

Gwiritsani ntchito linki, ndiyo imathetsa mkangano msanga. Lowani pa pulofayilo yanu, dinani timadontho titatu tija, mupeza pomwe alemba Copy link. Linkiyo imaoneka mwa njira ngati izi, yoyamba ngati muli ndi username, yachiwiri ngati mulibe, pena apu imapereka ina yokhala ndi mawu oti share koma imagwira chimodzimodzi:

```
facebook.com/dzina.lanu
facebook.com/profile.php?id=NAMBALA
```

Tumizani linkiyo pa WhatsApp kwa amene akukusowaniyo, komanso kwa munthu wina amene sali mnzanu pa Facebook, kaya neba kaya mwana wa mnzanu. Kenako mverani zomwe akuona.

Ngati onse awiri yatseguka, akaunti yanu ili bwinobwino, vuto linali la dzina kapena kukwiririka kuja. Ngati kwa neba yatseguka koma kwa wachibale uja ikulemba kuti This content isn't available right now, ndiye pali kubulokana pakati pa inu awiri, mmodzi anabuloka mnzake. Ngati onse awiri ikukana, vuto lili pa akaunti yanu, mwina inagonekedwa ndi batani la Deactivate kapena Facebook inaiyimitsa.

Kanthu kamodzi koti musamale nako, anthu ambiri kuno ndi kumudzi komwe amagula bandulo ya WhatsApp yokha. Munthu wotero akadina linki ya Facebook ingozungulira osatseguka, iye n'kukuuzani kuti yakana. Kumeneko si kukana, ndi data. Muuzeni akutumizireni chithunzi cha sikirini muone nokha, chifukwa tsamba loyera longozungulira ndi uthenga woti zinthuzi sizikupezeka ndi matenda awiri osiyana.

Ndinawapatsa nambala yanga kuti alembe posakira koma sikutuluka kanthu, pomwe batani la nambala mu Settings ndinalitsegulira aliyense. Zikutheka bwanji?

Kale zinkatheka, umangolemba nambala kapena imelo ya munthu m'kabokosi kosakira iye n'kutulukira. Facebook inatseka njirayi mu Epulo 2018, nthawi ya chisokonezo cha Cambridge Analytica, itavomera kuti anthu achinyengo ankalowetsa manambala ambirimbiri n'kumatola mayina ndi zithunzi za eni ake. Ndiye musadalire zolemba nambala posakira.

Batani la nambala lija likadalipo mu Settings, pansi pa How people find and contact you, koma ntchito yake yaikulu pano ndi ina. Munthu akasunga nambala yanu mu foni yake n'kulola Facebook kuwerenga manambala a mu foniyo, Facebook imatha kumuonetsa inu pa People you may know. Batanilo ndi lomwe limanena kuti zimenezi zichitike kwa ndani. Mukalisiya lotsegula ndiye kuti aliyense wosunga nambala yanu angakuoneni kumeneko, kuphatikizapo a landilodi, kasitomala amene munamugulitsa tomato kamodzi, ndi wa kombi amene munamutumizira ndalama. Mukalitseka njirayi yatsekeka kwa onse, achibale omwe. Ndipo ngakhale lili lotsegula palibe lonjezo loti mutuluka lero, Facebook imakuonetsani ikafuna.

Onaninso kuti nambala yomwe ili pa akauntiyo ndi iti. Ambiri tinatsegula Facebook ndi layini yakale yomwe tinataya kalekale, achibale asunga yatsopano, ndiye ziwirizi sizikumana. Layini ikakhalitsa osagwira ntchito kampani imaipereka kwa munthu wina, ndipo nambala yotero kuisiya pa akaunti n'koopsa chifukwa makhodi obwezera pasiwedi angamapite kwa mwini watsopanoyo. Ichotseni muike yomwe muli nayo m'manja.

Tatiyendetsani pa chitsanzo chenicheni, zimakonzedwa bwanji popanda kutsegula zonse?

Panali bambo ena achikulire a ku tchalitchi kwathu ku Mufakose, mwana wa alongo awo ali ku Mulanje ankawafuna pa nkhani ya munda wa agogo. Mtsikanayo anali ndi nambala yawo, amalankhulana pa WhatsApp, koma amafuna awaike pa Facebook kuti abale ena aziwaona, ndiye masiku anapita akungoti amalume simukupezeka, iwo n'kumati mwana wanga ine ndilipo, ndimalowamo tsiku lililonse.

Titatenga foni tinayamba ndi linki. Kwa ine inatseguka, kwa mtsikana uja inatsegukanso, ndiye za kubulokana ndi za akaunti yoyimitsidwa tinazichotsa pomwepo. Zotsala zinali zing'onozing'ono zinayi zomwe palokha chilichonse sichikanawasowetsa, koma zitaphatikizana zinawakwirira. Dzina la pa akaunti linali dzina loyamba lachizungu ndi dzina la pa chitupa, pomwe mtsikanayo amalemba mfunda womwe amawadziwa nawo kumudzi. Atauzidwa dzina lolondola panatuluka anthu ambirimbiri, ndiye anadina People n'kusefa ndi City kuika Harare, koma bambowo pa Current city mdzukulu wawo anawaikira Only me, ndipo kusefa kumagwira ntchito ndi zomwe wosakayo akuloledwa kuona, mzinda wobisidwa suthandiza kukukokerani pamwamba. Chithunzi cha pa pulofayilo chinali baji ya timu ya mpira, moti ngakhale anawadutsa pa mndandanda sakanawazindikira. Ndipo chomaliza, pa Who can send you friend requests panali Friends of friends, pomwe awiriwa analibe mnzawo wofanana ngakhale mmodzi, choncho linki itatseguka mtsikanayo sanaone batani la Add friend, n'kuyamba kukayika ngati alidi amalume ake.

Bambowo atamva zonsezi anati ndiye mwana wanga ingotsegula zonse. Ndinawakaniza, panalibe chifukwa. Tinangopempha mtsikanayo kuti atumize linki yake, bambowo n'kudina okha Add friend kuchokera mbali yawo, chifukwa Friends of friends imaletsa ena kukupemphani koma inu simuletsedwa kupempha. Atangolandira, abale onse a ku Mulanje omwe ndi anzake a mtsikanayo anasanduka anzake a mnzawo, batani la Add friend linayamba kuwaonekera, komanso posaka bambowo anayamba kutuluka chapamwamba poti tsopano pali munthu wowalumikiza. Tinaonjezera mfunda wawo pa Other names n'kuchonga Show at top of profile kuti uzioneka pambali pa dzina, tinaika chithunzi cha nkhope yawo atavala jekete ya pa Sabata. Mapositi anakhalabe pa Friends, nambala inakhalabe yobisika, mzinda wokha ndi womwe anasankha okha kuuika poyera.

Ndingosintha dzina kuti likhale lomwe akundidziwa nalo kumudzi?

Mungathe, zili mu Accounts Centre pansi pa pulofayilo yanu pomwe alemba Name, koma ganizani kaye chifukwa mukasintha mudikira masiku 60 musanasinthenso, ndipo anzanu a kuno omwe amakudziwani ndi dzina lakale ndi omwe ayambe kukusowani. Komanso tsiku lina akaunti ikadzatsekedwa Facebook n'kupempha chitupa, dzina losiyana kwambiri ndi la pa chitupa limavutitsa. Ine ndimaona kuti kuonjezera dzina linalo pa Other names n'kwabwino kuposa kusintha lenilenilo.

Chomwe ndimalimbikitsa kwambiri ndi username. Imafuna zilembo kapena manambala osachepera 5, ndipo palibe anthu awiri angakhale ndi yofanana, ndiye ndi yosavuta kuitchula pa foni kapena kuilemba pa kapepala kopatsira munthu amene akukwera basi yopita ku Blantyre. Ndipo achinyamata inu amene mumalemba mayina anu pa Instagram ndi TikTok ndi zilembo zopotanapotana zokopera kwina zija, dziwani kuti pa maso zimaoneka ngati a, b, c koma kwa makina ndi zizindikiro zina, munthu akalemba dzina lanu ndi zilembo wamba mwina simutuluka.

Akundipeza koma akuti meseji anatumiza, ine sindinaione. Inapita kuti?

Munthu amene sali mnzanu akakulemberani, meseji yake nthawi zambiri silowa pomwe pali macheza anu a masiku onse. Imakagwera ku Message requests mu Messenger, ndipo mkati mwakemo muli chigawo chinanso cha Spam chomwe anthu ambiri sanachitsegulepo chiyambire. Mauthenga a maliro amagona kumeneko miyezi. Palinso batani losankha kuti meseji za anthu achilendo zizipita kuti, ndipo ngati munasankha Don't receive requests ndiye safika n'komwe. Ili ndi batani losiyana ndi la Add friend lija, mungathe kutseka limodzi n'kusiya linalo.

Ndikuganiza kuti mchemwali wanga anandibuloka. Ndingatsimikize?

Facebook siuza munthu kuti wabulokedwa, ndipo uthenga womwe mumaona ndi womwewo kaya anakubulokani, kaya anagoneka akaunti, kaya anaifufuta. Ndiye musathamangire kuimba foni yokalipa. Chitani zomwe ndanena za linki zija koma motembenuza, pemphani munthu wina atsegule pulofayilo ya achemwali anuwo pa akaunti yake. Ngati iye akuwaona bwinobwino inu ayi, pali buloko. Ngati nayenso sakuwaona, akauntiyo ndi yomwe palibe.

Koma musanawaloze chala yang'anani kwanu, mu Settings pa Blocking. Kubuloka kumagwira mbali zonse ziwiri, amene mwamubuloka sakuonani ndipo inunso posaka simumupeza, ndiye zimachitika kuti munthu akudandaula kuti wabulokedwa pomwe ndi iye anabuloka, mwina chaka chatha pa mkangano wa ndalama za maliro, mwina mwana akuseweretsa foni. Mukachotsa buloko ubwenzi subwerera wokha, mmodzi ayenera kutumizanso pempho, ndipo mukamuchotsa simungamubulokenso mpaka patapita maola 48.

Pali zina zomwe zimafanana ndi buloko koma sizichotsa munthu posaka. Akakuchotsani pa anzake mumamuonabe, kungoti mapositi a Friends asowa. Akakuikani pa Restricted mumakhalabe mnzake koma mumangoona zomwe waika poyera. Akabuloka meseji zokha mu Messenger pulofayilo yake mumaionabe, kulemberana kokha ndi komwe kwatsekeka.

Ine ndimacheza pa Messenger tsiku lililonse, ndiye akaunti ingakhale bwanji yogona?

Zimatheka ndithu ndipo zimasokoneza ambiri. Mukachita Deactivate pa Facebook pulofayilo yanu imasowa posaka ndipo linki yake simatseguka, koma Messenger ingathe kupitiriza kugwira ntchito, anzanu akale n'kumakulemberani ngati palibe chachitika. Munthu anagoneka akaunti nthawi ya mayeso kapena atakwiya, anaiwala, akungogwiritsa ntchito Messenger. Kuidzutsa n'kosavuta, kungolowanso pa Facebook yeniyeniyo ndi pasiwedi.

Kufufuta ndi nkhani ina. Mukadina Delete mumapatsidwa masiku 30 oti musinthe maganizo, m'masiku amenewo palibe amene akukuonani, akatha ndiye yapita. Ngati ndi Facebook yomwe yaiyimitsa, mudziwa polowa, imakulemberani pa sikirini ndi kukuuzani zochita apilo. Ndipo pali nkhani ya maakaunti awiri, foni inabedwa m'tauni munthu n'kutsegula akaunti yatsopano, yakale ikadalipo ndi anzake onse ndi zithunzi. Achibale akasaka imatuluka pamwamba ndi yakaleyo chifukwa ndi yomwe ili ndi anthu owalumikiza, amatumiza pempho kumeneko, palibe woyankha, n'kumati mwayamba matama.

Pa Google sindikutuluka, koma mnzanga akutuluka. Kapena ndinazimitsa koma ndikutulukabe.

Batani lake ndi lomwe limafunsa kuti Do you want search engines outside of Facebook to link to your profile. Likakhala pa No, Facebook imauza Google ndi anzake kuti asaike pulofayilo yanu pa zotsatira. Silikhudza kusaka kwa mkati mwa Facebook ngakhale pang'ono. Kwa ana osakwana zaka 18 njirayi imakhala yotseka kale.

Mbali zonse ziwiri zimachedwa. Mukayatsa lero sikuti mawa mwatuluka, Google imayenera kudutsa kaye pa tsambalo ndipo sikakamizidwa kuika tsamba lililonse. Mukazimitsa, zakale zimatha kukhalapobe kwa kanthawi mpaka Google itadutsanso, ndipo ngati zikukuvutitsani pali chida chake cha Google chotchedwa Refresh Outdated Content chopemphera kuti aonenso tsambalo. Kuti muone ngati mulipo, lembani chonchi pa Google:

```
site:facebook.com "Dzina Lanu"
```

Chomwe batanili silichita ndi kubisa zomwe munalemba pa malo a poyera. Ndemanga yomwe munaponya pa peji ya nyuzipepala kapena mu gulu la Public ingathe kutulukabe ndi dzina lanu, chifukwa tsambalo si lanu, ndi la pejiyo.

Nanga Lock profile, kapena kuika Instagram pa Private, sizindichotsa posaka?

Ayi. Lock profile, kwa amene ali nayo poti sinafike m'mayiko onse, imapangitsa kuti mapositi ndi zithunzi zizioneka kwa anzanu okha ndipo mlendo sangakulitse chithunzi chanu, koma dzina limatulukabe ndipo angathe kukupemphani ubwenzi. Pa Instagram chimodzimodzi, akaunti ya Private imatuluka posaka ndi username, dzina, kachithunzi ndi mawu a pa bio, zobisika ndi mapositi ndi mndandanda wa okutsatirani. Ndiye amayi amene mumagulitsa zitenje kapena makeke pa Instagram, mukaika Private makasitomala odziwa dzina lanu akupezani, koma amene akusaka katunduyo ndi hashtag sangaone mapositi anu, ndipo musamadabwe kuti malonda aima.

Pa WhatsApp asunga nambala yanga koma sindikuoneka.

Apa kawirikawiri ndi kasungidwe ka nambala. Wa ku Malawi akasunga nambala yanu kuyambira ndi 0 ngati momwe timaitchulira kuno, foni yake imaiona ngati ya ku Malawi. Ayenera kuchotsa 0 woyambayo n'kuika +263, ndiye ya Econet yoyamba ndi 077 ikhala +26377, ya NetOne ya 071 ikhala +26371. Inunso posunga ya kumudzi ndi +265, ya TNM ya 088 ikhala +26588, ya Airtel ya 099 ikhala +26599. Kulakwitsa kofala ndi kuika khodi ya dziko koma 0 uja n'kumusiya pakati.

Ngati nambala ili bwino koma akuti sakuona chithunzi chanu, onani mu Privacy pa Profile photo. Ikakhala pa My contacts, amene akuona ndi okhawo amene inuyo mwasunga nambala zawo, osati amene asunga yanu. Munthu amaona kabwalo kopanda nkhope n'kuganiza kuti wabulokedwa, pomwe kungomusunga mu foni yanu kukanatha nkhani. Ndipo akaunti ya WhatsApp ikakhala masiku 120 osalumikizidwa pa intaneti nthawi zambiri imafufutidwa, ndiye agogo amene foni yawo inafa chaka chatha asowadi mpaka atalembetsanso.

Gulu lathu la chithandizo cha maliro silikupezeka posaka, mamembala atsopano akulephera kulowa.

Gulu lili ndi mabatani awiri osiyana ndipo ma adimini amawasokoneza. Loyamba ndi Public kapena Private, limanena za amene angawerenge zolembedwa. Lachiwiri ndi Visible kapena Hidden, limanena za amene angalipeze gululo. Gulu la Private lomwe lili Visible limatuluka posaka, munthu n'kupempha kulowa, koma zam'kati saziona mpaka atalandiridwa, ndipo kwa gulu la maliro kapena la mpingo izi ndi zomwe zimayenera. Likakhala Hidden silituluka kwa amene sali membala, munthu amalowa pokhapokha wina wam'kati atamuitana.

Pa peji ya bizinesi yang'anani Country restrictions ndi Age restrictions. Peji yomwe inaikidwa kuti izioneka ku Zimbabwe kokha, wa ku Lilongwe kapena wa ku Joni saipeza, ndipo peji yokhala ndi malire otere munthu amene sanalowe mu akaunti yake saiona n'komwe.

Ine ndikufuna achibale azindipeza koma pali munthu mmodzi amene sindikufuna andione. Ndichite bwanji?

Munthu mmodzi amachotsedwa ndi buloko, palibe batani lina lomwe lingachite zimenezo, ndipo musatseke dziko lonse chifukwa cha iye. Mubulokeni pa Facebook, pa Instagram ndi pa WhatsApp padera padera, chifukwa kubuloka kumodzi musakuyese kuti kwafika konse. Koma dziwani malire ake, buloko imagwira akaunti osati munthu, akatsegula ina kapena kubwereka foni ya mnzake dzina lanu ndi chithunzi angathe kuziona. Ndiye zomwe angaone ngati mlendo ndi zomwe muyenera kuchepetsa. Mapositi ikani pa Friends, ndipo akale omwe anali poyera abwezeni onse kamodzi ndi Limit past posts. Mndandanda wa anzanu ikani pa Only me, malo a ntchito ndi dera lomwe mukukhala chimodzimodzi, za Google pa No, nambala pa Friends kapena Only me, mapempho a ubwenzi pa Friends of friends. Ngati nkhaniyo ndi yoopsa, monga munthu amene anakuchitiranipo nkhanza, chithunzi cha pa pulofayilo ndi cha pamwamba chisaonetse geti la nyumba, yunifolomu ya sukulu ya mwana kapena shopu yomwe mumagwirako, poti ziwirizo aliyense amaziona.

Mukatero achibale a kumudzi azivutika kukupezani posaka, zimenezo n'zoona ndipo palibe njira yozembera, ndiye muziwatumizira linki pa WhatsApp kapena muziwapempha ndinu. Pomaliza dinani timadontho titatu pa pulofayilo yanu musankhe View as, ikuonetsani zomwe mlendo akuona, muyendemo mpaka pansi, makamaka zithunzi zakale za pa pulofayilo zomwe zimatsalira poyera chimodzichimodzi ndipo zimafuna kuzibisa pamanja.